Mlandu wa Piaget ndi kachidole kosokoneza: momwe ndime younika chiphunzitso imamangidwira

Pa zimangirizo za ophunzira zauphunzitsi zimene ndimachonga, pali ndime ina imene ndaiwerenga kambirimbiri moti ndikhoza kuilakatula nditatsinzina. Funso limakhala lakuti aunike chiphunzitso cha Jean Piaget cha momwe nzeru za mwana zimakulira, ndipo yankho limabwera chonchi:

"Ubwino wa chiphunzitso cha Piaget ndi woti chimathandiza aphunzitsi kudziwa msinkhu wa mwana. Kuipa kwake ndi koti Piaget anafufuza ana ake okha. Komanso McGarrigle ndi Donaldson anachita kafukufuku wa chidole. Komanso chiphunzitsochi sichiganizira chikhalidwe. Choncho chili ndi ubwino ndi kuipa komwe."

Wolemba ndime imeneyi si waulesi. Anawerenga, mayina anawaloweza, chidolenso akuchikumbuka. Koma palibe chimene waunika. Zili ngati munthu amene wabwera pabwalo la amfumu ndi mboni zinayi, wazikhazika pamphasa, watchula mayina awo, kenako wauza anthu kuti mlandu watha mboni zija zisanatsegule n'komwe pakamwa. Kodi kafukufuku wa chidoleyo anapeza chiyani? Akutsutsa mbali iti ya chiphunzitso? Ndipo akaitsutsa, chotsala n'chiyani? Ndimeyo ili duu. Mawu oti "komanso" obwerezabwerezawo ndiwo amandiuza msanga kuti munthu akungounjika mfundo, sakuzilumikiza.

Ndime younika ndi mlandu umodzi. Imatenga chinthu chimodzi chimene chiphunzitso chikunena, n'kumvetsera umboni wa mbali zonse, n'kupereka chigamulo pa chinthu chimodzicho. Tiimange limodzi, pa nkhani ya Piaget yomweyi.

Ntchito yoyamba imachitika musanalembe chiganizo chilichonse, ndipo ndiyo imene ambiri amailumpha: kudziwa kuti mukuyesa chiyani kwenikweni. "Chiphunzitso cha Piaget" n'chachikulu kwambiri, sichingakwane m'ndime imodzi. Piaget, munthu wa ku Switzerland amene anabadwa mu 1896 n'kumwalira mu 1980, anati nzeru za mwana zimadutsa m'magawo anayi: kuyambira kubadwa mpaka zaka 2, zaka 2 mpaka 7, zaka 7 mpaka 11, kenako gawo lomaliza loyambira cha m'ma 11 kapena 12. Ife titengepo kachigawo kamodzi kokha. Iye anati mwana wa m'gawo lachiwiri sanamvetse kuti kuchuluka kwa chinthu sikusintha maonekedwe ake akasintha.

Kayesedwe kake mukhoza kukachita pakhonde madzulo ano. Yalani zitsekerero za mabotolo zisanu ndi chimodzi pamzere, ndi zina zisanu ndi chimodzi pansi pake, chilichonse moyang'anizana ndi chinzake. Funsani mwana wa zaka 5 ngati mizere iwiriyo ili ndi zitsekerero zofanana kuchuluka. Avomera. Kenako, iye akuona, tambasulani mzere umodzi kuti utalike, mufunsenso funso lomwe lija. Ana ambiri a msinkhu umenewu aloza mzere wautaliwo kuti ndiwo uli ndi zambiri. Mwana wa zaka 8 akuyang'anani modabwa, n'kukuuzani kuti simunaonjezepo kanthu.

Mukayang'anitsitsa, muona kuti m'kachigawo kameneka muli zonena zitatu zosiyana. China n'chokhudza ndondomeko: kuti mwana amayamba walephera, kenako n'kudzatha, ndipo sizingatembenuke. China n'chokhudza msinkhu: kuti kusinthaku kumachitika cha m'ma zaka 7. Chachitatu n'chokhudza chifukwa: kuti mwana wamng'ono amalephera chifukwa m'mutu mwake simunafike luso lobweza chinthu m'maganizo kuti achione momwe chinalili poyamba, ndipo maso ake amakakamira pa kutalika kokha osaona kuti mipata yakula. Kusiyanitsa zitatuzi ndiye theka la ntchito yonse, chifukwa umboni umene mudzabweretse sudzamenya zonse mofanana. Kafukufuku wina akhoza kugwedeza msinkhu n'kusiya ndondomeko ili chiimire. Munthu amene sanazilekanitse amathera pa mawu oti "Piaget analakwitsa", amene ndi aakulu kwambiri poyerekeza ndi umboni umene ali nawo m'manja.

Ndime yathu itenge chachitatu chija, cha chifukwa. Chiganizo choyamba chinene mlanduwo poyera: kodi mwana akayankha molakwa, n'zoonadi kuti luso alibe, kapena pali china m'kafunsidwe chimene chikumusocheretsa?

Tsopano mbali ya mphamvu. Apa pali msampha umene umakola pafupifupi aliyense. Kunena kuti chiphunzitso "chimathandiza aphunzitsi" kapena kuti "n'chotchuka m'mayiko ambiri" si umboni woti n'choona. Chinthu chikhoza kugwiritsidwa ntchito ponseponse chili chabodza. Mphamvu yeniyeni ya chiphunzitso ndi pamene chinalosera chinthu, anthu ena n'kukayesa, n'kupeza kuti ndi momwemo. Pa nkhani yathuyi mphamvuyo ilipo ndithu: ofufuza ambiri m'mayiko osiyanasiyana atabwereza kayesedwe ka Piaget monga momwe iye ankachitira, anapeza zomwezo, ana aang'ono akulephera, aakulu akukhoza. Choncho Piaget sanapeke zinthu. Chimene anaona chimachitikadi. Chiganizo chimodzi kapena ziwiri n'zokwanira kunena zimenezi, ndipo muziike patsogolo, kuti wowerenga adziwe kuti chimene mukufuna kugwedezacho chili ndi mizu.

Kenako mboni ya mbali inayo. Mu 1974, James McGarrigle ndi Margaret Donaldson a ku Edinburgh anayesa ana 80 a zaka 4 mpaka 6. Mwana aliyense anayesedwa m'njira ziwiri. Njira ina inali ya Piaget ija, munthu wamkulu akutambasula mzere ndi dzanja lake mwadala. M'njira inayo, kachidole kooneka ngati chimbalangondo, kamene ana anali atauzidwa kuti n'kopulupudza, kankatuluka m'bokosi lake n'kusokoneza mzerewo ngati mwangozi, mpaka mzere umodzi utatalika. Funso linali lomwelo, zinthu zili zomwezo. Wamkulu akatambasula mwadala, ana 13 okha mwa 80 ndiwo ankayankha bwino. Kachidole kakasokoneza, ana 50 ankayankha bwino.

Taonani zimene ndatengapo pa kafukufukuyu: amene anachita, chaka, chimene anasintha, ndi chimene chinatuluka. Basi. M'ndime ya pamayeso zimenezi zikwane m'ziganizo ziwiri. Ophunzira ena akafika pa chidolechi amakomedwa, n'kulemba theka la tsamba kufotokoza bokosi ndi mtundu wa tizidutswa timene ankayala. Kumeneko n'kufotokoza, si kuunika, ndipo malikisi ake ndi ochepa. Ena amapita kumbali inayo, kungotchula dzina ndi chaka ngati akuwerenga maina a pamanda. Chofunika kwambiri pa zonse n'chimene chinasinthidwa, chifukwa mtsutso wonse wagona pamenepo.

Chiganizo chotsatira ndicho chimasiyanitsa ndime yabwino ndi ndime wamba, ndipo ndicho chimasowa m'mapepala ambiri amene ndimachonga. M'mphepete ndimangolemba kuti, "Ndiye?" Ana 50 anakhoza, ndiye? Wolemba amaganiza kuti nambala ikudzilankhulira yokha, koma nambala silankhula. Muyenera kuitenga pamanja n'kuibweza pa mlandu uja. Ganizani chonchi: ana ndi omwewo, mitu ndi yomweyo, tsiku silinasinthe msinkhu wawo. Likanakhala kuti luso mulibe m'mutu, chidole sichikanalilowetsamo. Popeza yankho linasintha pamene chinasintha ndi wosokoneza mzere yekha, ndiye kuti ena mwa ana amene Piaget akanawaika m'gulu la olephera anali nalo luso, koma china chake chinkawatchinga.

China chakecho n'chosavuta kuchimvetsa kwa aliyense amene anakhalapo mwana pamaso pa mphunzitsi. Munthu wamkulu akakufunsa funso, iwe n'kuyankha, iye n'kusuntha zinthu mwadala akukuyang'ana, kenako n'kukufunsanso funso lomwelo, umaganiza chiyani? Umati yankho loyamba lija silinamukomere, kapena kuti kusunthako kuli ndi tanthauzo, ndiye umasintha yankho. Mwana sakuwerenga zitsekerero zokha, akuwerenganso nkhope ya wamkuluyo. Ngozi ya chidole imachotsa uthenga umenewu, chifukwa chidole chopulupudza sichikufuna kumuuza kanthu.

Apa ambiri amaika cholembera pansi n'kulengeza kuti Piaget wagwa. Musathamange. Mboni yanuyo nayonso iyenera kufunsidwa mafunso, monga momwe mbali inayo inafunsidwira. Poyamba, bwererani ku nambala ija: 50 mwa 80 ndiye kuti ana 30 analepherabe chidole chilipo. Chachiwiri, mu 1986 Moore ndi Frye anafunsa funso lanzeru: nanga bwanji ngati ana ankangotengeka ndi chidole osaona n'komwe zimene zachitikira mzere? Anachititsa chidole kuti chionjezeredi kapena kuchotsadi kachidutswa, ndipo ana ambiri ananenabe kuti palibe chasintha. Ngati zili choncho, ena mwa "okhoza" aja mwina ankangobwereza yankho loyamba, ndipo linapezeka lolondola mwamwayi. Umboni wa chidole sunafe, koma wachepa mphamvu, ndipo ndime yoona mtima iyenera kunena zimenezo.

Mboni ikatsimphina chonchi, funani ina yofika pa mfundo yomweyo podzera njira ina. Rose ndi Blank, mu 1974 momwemo, anakayikira za kufunsa kawiri kuja, n'kuyesa kufunsa kamodzi kokha, zinthu zitasunthidwa kale. Samuel ndi Bryant anakulitsa ganizoli mu 1984 ndi ana 252 a zaka 5 mpaka 8 a ku Devon, ku England. Anapeza kuti ana akafunsidwa kamodzi amalakwitsa mocheperapo. Muno mulibe chidole, choncho chidandaulo cha Moore ndi Frye sichifikamo. Koma kafukufuku yemweyu anapezanso chinthu chimene ophunzira anga ambiri amachibisa chifukwa chikusokoneza mlandu wawo: m'kafunsidwe kalikonse, ana aakulu ankakhozabe kuposa aang'ono. Mboni imodzi yomweyo yalankhulira mbali zonse ziwiri. Kwa ine umboni wotere ndi wamtengo wapatali kuposa wina uliwonse, chifukwa ndiwo umakupatsani malire a chigamulo chanu. Ukukuuzani pamene Piaget anapyola muyeso, ukukuuzaninso pamene muyenera kulekezera inuyo.

Chigamulo tsopano chikhoza kulembedwa, ndipo chibwerere ku zonena zitatu zija. Ndondomeko yaima. Msinkhu wagwedezeka, chifukwa luso likuoneka kale mwa ana ena asanakwane zaka 7. Chifukwa chija chaperewera, popeza kulephera sikuchokera m'kusowa luso kokha. Ndime yonse ikaphatikizidwa imaoneka chonchi:

"Piaget ananena kuti mwana wosakwana zaka 7 amalephera kuona kuti kuchuluka sikusintha chifukwa alibe luso lobweza chinthu m'maganizo. Zimene iye anaona n'zodalirika, chifukwa ofufuza ena obwereza kayesedwe kake akhala akupeza ana aang'ono akulephera ndipo aakulu akukhoza. Koma kayesedweko kakhoza kubisa luso limene mwana ali nalo. McGarrigle ndi Donaldson mu 1974 anapeza kuti mwa ana 80 a zaka 4 mpaka 6, ana 13 okha ndiwo anakhoza wamkulu atasuntha mzere mwadala, pamene 50 anakhoza chidole chitausokoneza ngati mwangozi. Popeza ana anali omwewo, kusiyanaku kukusonyeza kuti ena ankasocheretsedwa ndi zimene ankaganiza kuti wamkuluyo akufuna, osati ndi kusowa luso. N'zoona kuti chidolecho chikhoza kukhala kuti chinkangowasokoneza ana, monga Moore ndi Frye anasonyezera mu 1986, koma Samuel ndi Bryant mu 1984 anapeza kuti ngakhale popanda chidole, kufunsa kamodzi m'malo mwa kawiri kumachepetsa zolakwa. Komabe m'kafukufuku wawo yemweyo ana aakulu anakhozabe kuposa aang'ono m'kafunsidwe kalikonse. Choncho umboniwu sukugwetsa ganizo loti lusoli limakula ndi msinkhu, koma ukusonyeza kuti Piaget anachepetsa zimene ana aang'ono amatha, ndipo kulephera pa kayesedwe kake pakokha si chizindikiro chokwanira choti luso mulibe."

Ziganizo zake ndi zisanu ndi zitatu, mawu ake sakufika 200. Nayi njira imene ndimagwiritsa ntchito poyesa ngati ndime yotere yagwirana: sinthanitsani ziganizo ziwiri zilizonse, muwerengenso. M'ndime yoyamba ija mukhoza kuyamba ndi chikhalidwe n'kumaliza ndi ana a Piaget, palibe chimene chingaonongeke, chifukwa panalibe chogwirana. M'ndime iyi mukaika Samuel ndi Bryant patsogolo pa Moore ndi Frye, mawu oti "ngakhale popanda chidole" amakhala opanda poimira. Mawu olumikizira ndiwo amaulula zimenezi. "Popeza", "koma", "ngakhale", "choncho" amakakamiza chiganizo kuti chiyankhe chinzake cha pambuyo, pamene "komanso" amalola chilichonse kutsatira chilichonse.

Njira ina ndi yophimba dzina. Tengani chiganizo chomaliza, muphimbe dzina la Piaget ndi chala. Ngati chiganizocho chingakwanenso pa chiphunzitso china chilichonse chimene munaphunzira chaka chino, si chigamulo. "Chili ndi ubwino ndi kuipa komwe" chimakwana pa Piaget, pa Freud, pa feteleza, ngakhale pa ukwati wa mitala. Chigamulo chenicheni chimanena kuti mbali iyi yatsala, iyi yapita.

Muonenso kukula kwa mawu. Ndalemba kuti "ukusonyeza" ndi "chikhoza kukhala", osati "watsimikizira" kapena "wagwetseratu". Si mantha ayi. Kafukufuku mmodzi wa ana 80 a mumzinda umodzi sangasenze mawu oti "watsimikizira". Komanso musafewetse mpaka chiganizo chilichonse chikhale ndi "mwina", chifukwa wochonga adzaona kuti mukuthawa kugamula. Pamene umboni wagwirizana, monga pa nkhani yoti aakulu amaposa aang'ono, nenani mosabisa.

Mwina mwaona kuti mfundo ija yoti "Piaget anafufuza ana ake okha" sindinailowetse. Ndaisiya dala, ndipo ndimafuna ophunzira amve chifukwa chake, popeza ndiyo mfundo imene amaikonda kuposa zonse. N'zoona kuti Piaget anayang'anitsitsa ana ake atatu, Jacqueline, Lucienne ndi Laurent, n'kulemba zimene ankachita. Koma zimenezo zinali makamaka za ukhanda, gawo loyamba lija. Ntchito ya kuchuluka kwa zinthu anaichita ndi ana ena ambiri ku Geneva, pamodzi ndi anzake monga Alina Szeminska ndi Bärbel Inhelder. Choncho m'ndime ya zitsekerero, mboni imeneyi yabwera pa mlandu wa eni. Ngakhale pamene mfundoyi ili pamalo pake, kungonena kuti ana anali ochepa sikukwanira. Kuchepa kwa ofufuzidwa kumatipatsa chifukwa chokayikira, sikutiuza kuti zopezekazo n'zabodza, ndipo anthu ena akabwereza n'kupeza zomwezo, chidandaulocho chimatha mphamvu. Kudzudzula njira imene munthu anafufuzira n'kosiyana ndi kudzudzula chimene ananena. Ndime yabwino imasonyeza mlatho pakati pa ziwirizi, monga tachitira posonyeza kuti kufunsa kawiri kumasintha yankho lenilenilo.

Nkhani ya chikhalidwe nayo ndaisiya, koma pa chifukwa china. Imeneyo ndi mfundo yabwino, yofunika ndime yakeyake. Umboni wake ulipo. Patricia Greenfield, amene anafalitsa zopeza zake mu 1966, anayesa ana a Chiwolofu ku Senegal pothira madzi kuchoka m'chotengera china kupita m'china chosiyana maonekedwe. Ana akumudzi osapita kusukulu ambiri ankalephera ngakhale atapitirira msinkhu umene Piaget anatchula, ndipo ena ankafotokoza kuti madzi asintha chifukwa wofufuzayo ndiye wathira. Atawapatsa kuti athire okha, ochuluka anayamba kuyankha bwino. Ku Mexico, Price-Williams ndi anzake mu 1969 anapeza kuti ana a m'mabanja oumba mbiya ankazindikira msanga kuti dongo silichepa kapena kuchuluka ukalisintha maonekedwe, poyerekeza ndi anzawo a m'mabanja ena. Aliyense amene anaonapo mwana wa mayi woumba akukanda dongo pambali pa mayi ake sangadabwe nazo.

Koma wolemba ndime imeneyo asamale pa chinthu chimodzi. Piaget mwiniwake ankavomereza kuti zaka zimene anatchula zikhoza kusiyana malinga ndi kumene mwana akukulira. Chimene anaumirira n'chakuti ndondomeko ya magawo sisintha. Choncho mukangolemba kuti ana a ku Senegal "anachedwa", mwamenya khoma limene mwini nyumba sanatsamirepo. Funso lopweteka kwa Piaget ndi lina: ngati luso limeneli limabwera monga gawo limodzi la maganizo onse, zimatheka bwanji kuti mwana wa woumba alikwanitse pa dongo asanalikwanitse pa zinthu zina? Chiganizo choyamba cha ndime yachiwiriyo chiyambire pa funso limenelo, ndipo mboni yoyamba kuitanidwa akhale ana a oumba mbiya aja.